Mwana akusewera pa akaunti yanga ya PS5: ndiike bwanji malire a ndalama ndi a nthawi?

"Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 11. Tinamugulira PlayStation 5 chaka chatha, ndipo tsiku loyamba ndinatsegula akaunti m'dzina langa n'kuikamo khadi langa la kubanki. Mwezi uno ndapeza kuti ndalama zachoka maulendo 7, zonse zogulira tinthu ta m'gemu. Usiku akumadzukanso n'kumasewera ife titagona. Sindikufuna kumulanda, koma ndikufuna malire a ndalama ndi a nthawi oti sangawazembe. Ndiyambire pati?" — Mayi wodandaula

Mayi, mtima ukhale m'malo. Nkhaniyi imakonzeka madzulo amodzi, ndipo simukufunika kukhala katswiri wa makina kuti muikwanitse. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza mabanja kukonza makonsolo awo, ndaona kuti gwero la vutoli limakhala limodzimodzi pafupifupi nyumba iliyonse. Konsolo siidziwa amene wagwira kontirola. Imadziwa akaunti yokha. Mwana wanu akalowa pa akaunti imene ili ndi tsiku lanu lobadwa, konsolo imaona munthu wamkulu amene ali ndi ufulu wogula chimene akufuna ndiponso kusewera mpaka tambala woyamba. Malire onse a makolo amamangidwa pa akaunti ya mwana, choncho mwana akapanda kukhala ndi yakeyake, palibe pomangirira chilichonse.

Ndiye ntchito yoyamba ndi kumupatsa akaunti yake, yokhala pansi pa yanu. Pa PlayStation, munthu wamkulu amene watsegula banja amatchedwa Family Manager, ndipo akaunti yanu imene ilipo kaleyo ndi imene idzakhale pa udindo umenewu. Lowani pa akaunti yanu, kenako tsatani njira iyi:

```
Settings > Family and Parental Controls > Family Management
```

Pamenepo musankhe zoonjezera mwana m'banjamo. Konsolo ingakusonyezeni kachizindikiro kojambula ndi foni kuti mumalizire ntchitoyo pa intaneti, ndipo zimenezo n'zabwinonso chifukwa kulemba pa foni n'kosavuta kuyerekeza ndi kulemba ndi kontirola. Padzafunika imelo ina yosiyana ndi yanu. Ndimalangiza kuti imeloyo mutsegule nokha ndipo pasiwedi yake musunge inuyo.

Pa tsiku lobadwa ndikupempheni chinthu chimodzi: lembani loona. Makolo ambiri amaonjezera zaka poganiza kuti akumuchepetsera mwana zovuta, osadziwa kuti akudzichotsera okha mphamvu. Tsikuli silisinthika mwachisawawa akaunti ikatsegulidwa, ndipo akaunti imene inatsegulidwa ngati ya wamkulu siibwereranso kukhala ya mwana. Onetsetsaninso kuti amene akukhala Family Manager ndi munthu amene adzakhale ndi mwanayo zaka zikubwerazi, chifukwa mwana akalowa m'banja limodzi la pa PlayStation simungamusamutsire ku banja lina. Ngati bambo ake kapena munthu wina wamkulu wa pakhomopo akufuna kuthandiza, muitaneni m'banjamo n'kumupatsa udindo wa Parent/Guardian. Adzatha kusintha malire a mwana, koma ndalama zidzachokerabe kwa inu.

Pano pali chinthu chowawa chimene ndiyenera kukuuziranitu, chifukwa ndi chimene chimabweretsa misozi tsiku loyamba. Zimene mwana wakhala akusonkhanitsa pa akaunti yanu sizisamuka. Magemu amene munagula adzatha kuwasewerabe pa akaunti yake yatsopano ngati mutsegula Console Sharing and Offline Play pa akaunti yanu, imene imapezeka pa Users and Accounts, pansi pa Other. Koma pamene anafika m'gemu, zikho zimene anapambana, ndi ndalama za m'gemu zimene zinagulidwa kale, zimenezo zimatsalira pa akaunti imene zinapezedwera. Magemu ena a pa intaneti amasunga zinthu za wosewera pa akaunti ya kampani imene inapanga gemuyo, ndipo pamenepo ndi bwino kuyamba mwafunsa kampaniyo musanamasule kapena kulumikiza chilichonse. Musamubise mwanayo zimenezi. Mukhale naye pansi, mumuuze kuti ayambiranso zina ndi zina, ndipo ngati n'kotheka mumuthandize masiku oyamba. Chaka chimodzi chotayika pa zaka 11 chimapweteka, koma zaka zisanu zotayika pa zaka 15 zimapweteka koposa, ndipo makolo amene amazengereza amadzapeza kuti kusamukako kwafika posatheka.

Tibwere ku ndalama. Akaunti ya mwana ilibe chikwama chakechake. Akafuna kugula kanthu ku PlayStation Store, ndalama zimachoka m'chikwama cha Family Manager, ndipo zimachoka mpaka pa malire amene inu mwaika pa Monthly Spending Limit. Malirewa mumawapeza mukasankha dzina la mwanayo mu Family Management. Akaunti ikangotsegulidwa amayambira pa 0, kutanthauza kuti mwana sangagule kalikonse mpaka inu mutakweza. Kwa mwana wa zaka 11 amene wangotuluka m'mwezi ngati umenewu, ine ndingawasiye pa 0 kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Si chilango ayi. Kungoti akafuna kanthu azibwera kwa inu, muzikaona limodzi pa sikirini, muzikambirana mtengo wake, kenako mukweze malire tsiku limenelo n'kuwabwezanso pa 0. Ana ambiri sadziwa kuti manambala a m'gemu aja ndi ndalama zenizeni. Gemu imawasonyeza V-Bucks, Robux kapena FC Points, osati ndalama zimene amayi awo amazivutikira, ndipo batani logulira limaoneka ngati batani lina lililonse. Si mwana wanu yekha amene wagwa m'mbuna imeneyi. Mu Disembala 2022, bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC linalengeza kuti kampani ya Epic Games, imene inapanga Fortnite, ilipira madola 245 miliyoni obwezera anthu, pa mlandu wokhudza kagulitsidwe kamene kankachititsa anthu kugula asakufuna, kuphatikizapo ana ogula makolo awo asakudziwa.

Mukadzafuna kumupatsa ndalama ya mwezi ndi mwezi, mvetsani mmene malire ndi chikwama zimagwirira ntchito limodzi. Tiyerekeze kuti akaunti yanu imawerengera m'madola, m'chikwama muli madola 25, ndipo malire a mwana mwaika pa madola 10. Sabata yoyamba wagula kanthu ka madola 8. M'chikwama mwatsala 17, koma iye watsala ndi 2 yokha mwezi umenewo. Sabata yachitatu akafuna kanthu ka madola 5, konsolo idzakana, ngakhale m'chikwama muli ndalama zokwanira. Adzabwera kudzakuuzani kuti makina aonongeka. Sanaonongeke, malire agwira ntchito yake. Mwezi watsopano ukayamba, kuwerengako kumayambiranso.

Koma pali zinthu ziwiri zimene malirewa sazifikira. Choyamba, ndalama za m'gemu zimene zalowa kale. Ngati madola 8 aja anagulira V-Bucks, mmene azigwiritsire ntchito m'gemumo konsolo ilibe nazo kanthu, akhoza kuzimaliza mu mphindi imodzi. Chachiwiri, zipangizo zina. Gemu yomweyo ikakhalanso pa foni kapena pa tabuleti, kugula kwa kumeneko kumadutsa njira ina, ndipo malire a PlayStation sakuona n'komwe. Ndinakumanapo ndi bambo wina amene anatseka bwinobwino pa konsolo koma ndalama zikuchokabe. Titafufuza tinapeza kuti mwana ankagula pa foni yakale ya bamboyo, imene inali idakali ndi khadi.

Za khadi lanu, maganizo anga ndi akuti mulichotse pa akaunti. Pitani pa Users and Accounts, Account, kenako Payment and Subscriptions, mufufute khadilo, ndipo muziika ndalama m'chikwama pogwiritsa ntchito makadi olipiriratu a PlayStation Store, amene muziwalowetsa pa akaunti yanu inuyo. Ogula makadi oterewa aziona kuti ndi a dziko limene akaunti inalembetsedwera, chifukwa a dziko lina amakanidwa. Khadi la kubanki likachoka, ndalama zambiri zimene zingatayike pa ngozi iliyonse ndi zimene zili m'chikwama basi. Ngati mukulipira PlayStation Plus mwezi ndi mwezi ndipo mukufuna khadi likhalebe, tsegulani Require Password at Checkout pa Purchase Settings, kuti pogula chilichonse pa akaunti yanu pazifunika pasiwedi. Ndipo pasiwediyo muisinthe lero lomwe, chifukwa mwana amene wakhala chaka chathunthu pa akaunti imeneyo n'kutheka kuti amaidziwa.

Mwina mukufunsa ngati zimene zinachoka kale zingabwerere. Yambani ndi Transaction History, pamalo omwe aja a Payment and Subscriptions, mulembe tsiku ndi mtengo wa chilichonse. Lamulo la PlayStation Store ndi lakuti munthu angapemphe kubwezeredwa pasanathe masiku 14, ngati sanayambe kukopera chinthucho. Ndalama za m'gemu zimene zafika kale ndiponso zagwiritsidwa ntchito nthawi zambiri sizibwezedwa. Pemphanibe kudzera ku PlayStation Support, mufotokoze zoona zake. Chimene ndikukuchenjezani mwamphamvu ndi kuthamangira kubanki kukauza kuti abweze ndalamazo mokakamiza. Zikatero akaunti imatha kuimitsidwa mpaka ngongoleyo italipidwa, ndipo magemu onse amene munagula amatsekeredwa momwemo. Njira ya kubanki ndi ya pamene khadi labedwa ndi munthu wakunja, osati pamene wagula ndi mwana wa m'nyumba.

Tsopano nthawi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene makolo ambiri amaika zinthu molakwika n'kumaganiza kuti makinawo ndi abodza. Mukasankha dzina la mwana mu Family Management mudzaona Playtime Settings. Musanakhudze china chilichonse, ikani Time Zone ya kumene mukukhala. Zikuoneka zazing'ono koma ndi maziko a zonse. Mayi wina anandiitana atakwiya kuti anaika kuti masewera azitha 8 koloko madzulo, koma mwana akumafika 10 koloko konsolo ili chete. Titayang'ana, akaunti ya mwanayo inali pa nthawi ya dera lotsalira ndi maola awiri. Pa wotchi ya pakhoma ikamakwana 10, konsolo inkawerenga 8. Ngati mukuona kuti malire akugwira koma akuphonya ndi maola athunthu, limodzi kapena awiri kapena kuposerapo, tsiku lililonse mofanana, dziwani kuti vuto lili pamenepa.

Mukatero, ikani Restrict Playtime pa Restrict. Kenako pali Duration and Playable Hours, ndipo muno muli zinthu ziwiri zosiyana zimene zimagwira ntchito pamodzi. China ndi kuchuluka kwa nthawi patsiku, china ndi maola amene akuloledwa kusewera. Mungaike zofanana masiku onse kapena kusiyanitsa tsiku ndi tsiku.

Ndikupatseni chitsanzo cha mwana wa msinkhu wa wanuyu, manambalawo mudzasintha malinga ndi pakhomo panu. Lolemba mpaka Lachisanu, ola limodzi, pakati pa 4 koloko masana ndi 7:30 madzulo. Loweruka ndi Lamlungu, maola awiri, pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 8 koloko madzulo. Lachiwiri mwana walowa 4:30, wasewera mphindi 40, wamaliza 5:10. Watsala ndi mphindi 20, zimene angazigwiritse ntchito nthawi iliyonse isanakwane 7:30. Lachitatu wachedwa ndi homuweki, walowa 7 koloko. Ngakhale ola lake lonse lilipo, asewera mphindi 30 zokha, chifukwa 7:30 chitseko chimatsekeka. Chimene chayamba kutha pa ziwirizi ndi chimene chimalamula. Kwa inu amene mukulimbana ndi kudzuka usiku, maola ololedwawo ndi ofunika kuposa kuchuluka kwa nthawi. Mukaika ola limodzi lokha osaika maola ololedwa, mwana wochenjera amasunga ola lakelo n'kudzaliseweretsa 11 koloko usiku, ndipo pakati pa usiku tsiku latsopano likayamba amalandiranso ola lina pomwepo.

Lachinayi ndi pamene pamabuka mkangano umene ndaumva kambirimbiri. Mwana walowa 4 koloko, wasewera mphindi 25, mwamuitana kuti akuthandizeni, wasiya kontirola pampando n'kutuluka. Pobwerako patapita mphindi 40 wapeza nthawi yatha, ndipo akulira kuti amubera. Sanamubere. Wotchiyo imawerenga nthawi imene akaunti ya mwana ili yolowa pa konsolo, osati nthawi imene zala zake zikudina mabatani. Muphunzitseni kuti akamachoka azidina batani la PS, asankhe chithunzi chake, kenako Log Out. Muyeserere naye kawiri katatu mpaka zilowe m'manja. Dziwaninso kuti nthawiyi imatsata akaunti, choncho akakalowa ndi akaunti yake pa konsolo ina yolumikizidwa pa intaneti, malire ake amamutsatira komweko.

Chotsatira ndi When Playtime Ends, pamene pali zosankha ziwiri. Notify Only imangoonetsa uthenga woti nthawi yatha koma mwana amapitiriza kusewera. Log Out imamutulutsa. Makolo ambiri amene amandiuza kuti malire a nthawi sagwira ntchito ndimawapeza ali pa Notify Only osadziwa. Ine ndimakonda kuyamba ndi Notify Only sabata imodzi yokha, mwana akudziwa kuti tikuyesa, kuti aone mauthenga ochenjeza aja ndi kuzolowera kutalika kwa ola limodzi. Sabata yachiwiri tisinthe kupita ku Log Out. Koma popeza kwanu kuli kale nkhani ya usiku, simulakwa kuyamba ndi Log Out tsiku loyamba.

Kutulutsidwa kuli ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuudziwa. Konsolo siiyembekeza kuti mpikisano uthe. Zimene mwana sanasunge zingatayike, ndipo m'magemu a pa intaneti amasiya anzake pakati pa nkhondo, mwinanso gemuyo n'kumulanga chifukwa chochoka msanga. Kwa ife akuluakulu zimaoneka ngati zachibwana, koma kwa iye ndi manyazi pamaso pa anzake. Mufunseni kuti mpikisano umodzi wa gemu imene amakonda umatenga mphindi zingati. Akati 20, gwirizanani kuti uthenga wochenjeza ukangooneka asayambenso wina. Tsiku limene pali chifukwa chomveka, mungaonjezere nthawi ya tsiku lokhalo popanda kusokoneza ndondomeko yonse. Izi zimatheka pa konsolo, pa tsamba la akaunti yanu pa intaneti, kapena pa apu ya PlayStation Family imene inatuluka mu 2025, imene imakusonyezaninso pa foni nthawi imene wasewera. Zimene mwasintha pa foni zimafika pa konsolo ikakhala pa intaneti. Langizo langa ndi lakuti kuonjezera kuzichitika mwa apo ndi apo. Mukamaonjezera tsiku lililonse, mwana amaphunzira kuti malire enieni ndi kutopa kwanu ndi kuchonderera kwake.

Zonse ndanenazi zingakhale ntchito yachabe mukasiya zitseko zam'mbali zotsegula, ndipo zilipo zitatu. Choyamba ndi akaunti yanu yomwe ija. Nthawi yake ikatha, mwana amangosankha chithunzi chanu pa sikirini yoyamba n'kupitiriza. Tsekani poika nambala yachinsinsi ya manambala anayi:

```
Settings > Users and Accounts > Login Settings
```

Pamenepo muike Require a PS5 Login Passcode, ndipo muzimitse Log In to PS5 Automatically. Munthu wamkulu aliyense amene ali ndi akaunti pa konsoloyo achite chimodzimodzi, ngakhale mchimwene wake wamkulu kapena amalume amene amasewera mwa apo ndi apo. Akaunti imodzi yosatseka ndi yokwanira kugwetsa mpanda wonse.

Chachiwiri ndi kutsegula wosewera watsopano kapena kulowa ngati mlendo. Mlendo alibe malire a nthawi a mwana wanu. Chachitatu ndi nambala imene imateteza zoletsa za konsolo yeniyeniyo. Zonse ziwiri zili pamalo amodzi:

```
Settings > Family and Parental Controls > PS5 Console Restrictions
```

Konsolo idzakufunsani nambala, ndipo ngati simunaisinthepo ndi 0000. Ana amaidziwa nambala imeneyi kuposa makolo awo. Mukalowa, ikani User Creation and Guest Login pa Don't Allow, kenako musinthe nambalayo pa Change Your Console Restriction Passcode. Isakhale chaka chanu chobadwa, chaka chake chobadwa, kapena nambala yotsegulira foni yanu. Isakhalenso yofanana ndi yolowera pa akaunti yanu ija.

Manambalawa amalowetsedwa podina mabatani a kontirola, batani lililonse likuimira nambala yake. Ndinaonapo kamtsikana ka zaka 9 katakhala phee pambali pa bambo ake, maso osayang'ana sikirini koma zala za bamboyo, milomo ikuyenda pang'onopang'ono kuloweza mabataniwo. Mawa lake kanalowa kokha. Polowetsa nambala, tembenukani kapena muuzeni mwana ayambe watuluka. Mukaona kuti pa akaunti yanu pali gemu imene yaseweredwa posachedwa koma inu simunaikhudze, musafunse zambiri, ingosinthani nambala.

Pamene muli mu Family Management momwemo, onaninso Restriction Level, imene imasankha magemu oyenera msinkhu wake ndiponso ngati angalankhule ndi anthu ena pa intaneti. Pali magulu okonzeratu monga Child ndi Early Teens, ndipo mungasinthe chilichonse pachokha. Gemu imene amakonda ikatsekeka chifukwa cha msinkhu, iye angatumize pempho, inu n'kuloleza gemu imodzi yokhayo popanda kutsegula zonse. Mbali ya kulankhulana ndi alendo ndi nkhani yaikulu payokha yofuna tsiku lake, koma musaisiye yotsegula mwangozi.

Ngati m'nyumbamo muli konsolo ya mtundu wina, mfundo yaikulu ndi yomweyi koma kachitidwe kamasiyana. Pa Xbox malire amatsatanso akaunti ya mwana, kudzera pa apu ya Xbox Family Settings, ndipo mungaike kuti azipempha asanagule. Pa Nintendo Switch malire a nthawi amamangidwa pa konsolo yonse osati pa mwana mmodzimmodzi, ndipo zoletsa kugula zimaikidwa padera pa Nintendo Account.

Pali nthawi zina zofunika thandizo loposa langali. Mukaona mu Transaction History zinthu zogulidwa nthawi imene konsolo inali yozimitsa ndipo mwana ali kusukulu, kapena mukalandira imelo yoti wina wasintha pasiwedi yanu, imeneyo si nkhani ya mwana ayi, akaunti yalowedwa ndi munthu wina. Sinthani pasiwedi, tsegulani 2-Step Verification, imene imafunsa nambala yapadera polowa kuonjezera pa pasiwedi, dziwitsani PlayStation Support ndiponso banki yanu tsiku lomwelo. Mukapeza kuti munthu wamkulu wosadziwika akutumizira mwana mauthenga, akumulonjeza mphatso za m'gemu kapena akumupempha zithunzi, sungani umboni, mutsekeni, mumunene pa konsolo pomwepo, ndipo mudziwitse apolisi kapena oona za chitetezo cha ana. Za mwana mwiniwake, kukwiya masiku oyamba n'kwachibadwa ndipo kumazirala. Koma miyezi ikamapita iye akuba ndalama kuti agule za m'gemu, akusiya kudya ndi kugona, sukulu ikulowa pansi, anzake ndi zonse zimene ankakonda wazitaya, pitani naye kwa dokotala kapena mlangizi wa ana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la kusewera magemu mosadziletsa pa mndandanda wake wa matenda wa ICD-11, ndipo kawirikawiri madokotala amayang'ana khalidwe limene lakhalapo kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Ana ambiri okonda magemu sali m'gulu limeneli, ndipo kuchokera pa zimene mwalemba sindikuona chifukwa choti muchite mantha.

Mukamaliza kukonza, musakhulupirire kuti zatheka mpaka mutayesa. Tengani kontirola, mulowe ngati mwana wanu. Pitani ku PlayStation Store muyese kugula kanthu kotchipa, muone ngati kakanidwa. Tulukani, muyese kulowa pa akaunti yanu, muone ngati ikufunsa nambala. Yesani kuonjezera wosewera watsopano kapena kulowa ngati mlendo. Pomaliza dikirani nthawi yotsekera ija idutse, monga 7:35 ngati munaika 7:30, muyese kusewera pa akaunti yake. Ikakulolani kupitiriza, bwererani mukaone zinthu zitatu motsatana: Time Zone, kenako ngati Restrict Playtime ilidi pa Restrict, kenako ngati When Playtime Ends ili pa Log Out. Ine ndimakonda kuti mayeso amenewa achitike mwanayo ali pomwepo, ndipo ndimamupatsa kontirola kuti nayenso ayese kuzemba. Akapeza kabowo kamene ife tinakaiwala, timamuthokoza n'kukatseka limodzi madzulo omwewo.